Seketi ya pa chithunzi ikamakana kupereka yankho: mmene mungapezere pamene palakwika

Mayeso a MSCE akamayandikira, foni yanga imadzaza ndi zithunzi za maseketi. Ndimaphunzitsa fizikisi madzulo ku Zingwangwa, ndipo ana a Fomu 4 pamodzi ndi anyamata amene akuphunzira ntchito ya zamagetsi amatumiza mafunso usiku, ena atajambula bolodi la m'kalasi, ena tsamba la buku lobwereka lomwe mwini wake akulifuna m'mawa. Uthenga wotsagana ndi chithunzicho susintha kawirikawiri: "Aphunzitsi, ndawerengera katatu koma sizikugwirizana ndi yankho la mnzanga."

Ndayang'ana ntchito zotere zambiri, ndipo chimene ndaona n'chakuti masamu si amene amagwetsa anthu. Lamulo la Ohm aliyense amaliloweza. Munthu amagwa asanagwire n'komwe kakyuleta, pa nthawi imene akuyang'ana chithunzi ndi kunena mumtima kuti rezisita iyi ndi iyo zili mu mzere umodzi, pamene si choncho. Akalakwa pamenepo, masamu onse otsatira amayenda bwinobwino mpaka kukafika pa yankho lolakwika, ndipo akabwereza amabwereranso pomwepo chifukwa akubwereza masamu okha, chithunzicho osachiyang'ananso.

Tiyende ndi seketi imodzi yomwe mtsikana wina wa ku Bangwe ananditumizira, chifukwa muli pafupifupi misampha yonse.

Yambani ndi chithunzicho

Chithunzi chake anachijambula magetsi atathima, akuunikira ndi tochi ya foni ina. Pakati pa pepala panali kuwala koyera kobisa nambala imodzi, ndipo mbali ya kumanzere inali yodulidwa, moti waya wochokera ku batire ankatuluka m'chithunzi n'kudzalowanso pansi. Pa waya wosaonekayo pakhoza kukhala rezisita ina, swichi, kapena batire lachiwiri. Ngati simungathe kutsata waya ndi chala kuchokera ku mbali imodzi ya batire mpaka kubwerera ku mbali inayo osatuluka m'chithunzi, musayambe kuwerengera. Pemphani china. Wojambulayo ayale pepala pa tebulo, foni ikhale pamwamba penipeni osati chopendekeka, kuwala kuchokere m'mbali, ndipo mawu a funsolo alowe nawo. Pa WhatsApp chithunzi chimafinyidwa potumiza ndipo tizilembo ting'onoting'ono timafufutika, choncho ndi bwino kuchitumiza ngati Document kuti chifike mmene chinajambulidwira.

Tizilembo timenetu ndi tomwe timapweteka. Kadontho ka pa 4.7 kakasowa, mumawerenga 47. Chilembo cha k chikabisika, rezisita ya maomu 2,000 imasanduka ya maomu 2, ndipo karenti yanu imakula kuwirikiza chikwi. N'chifukwa chake akatswiri ambiri salemba kadontho konse: 4k7 ndi maomu 4,700, ndipo 4R7 ndi maomu 4.7. Pa zolemba pamanja samalani ndi 1 ndi 7, komanso 6 ndi 8. Lembani manambala onse pa pepala lanu musanachite china chilichonse, ndipo pamene mwakayika ikani chizindikiro cha funso, musangosankha yomwe ikupeputsa masamu.

Chithunzi chachiwiri cha mtsikanayo chinafika chooneka bwino. Batire linali la mavolti 12, ndipo marezisita anali asanu: R1 ya maomu 3, R2 ya 6, R3 ya 4, R4 ya 8 ndi R5 ya 1. Funso linkafuna karenti yochokera m'batire ndi volteji ya pa rezisita iliyonse.

Patsani waya aliyense chilembo

Wojambula seketiyo anaika R1 ndi R3 pa mzere wa pamwamba, yina kutsogolo kwa inzake, R4 chotsika kudzanja lamanja, R5 pansi, ndipo R2 chotsika pakati. Mtsikanayo ataona R1 ndi R3 zili pa mzere umodzi anangophatikiza 3 ndi 4. Maso amatero ndithu. Koma magetsi sasamala za kumene wojambula anaika chinthu pa pepala, amasamala za chimene chalumikizidwa ndi chiyani.

Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi iyi. Ikani pensulo pa mbali ya + ya batire, yomwe pa chizindikiro chake ndi kamzere kakatali. Tsatani wayayo mpaka mutagunda rezisita, ndipo wayayo yense, ngakhale akhote kangati, ngakhale agawikane, mumupatse chilembo chimodzi. Mukadumpha rezisita, chilembo chimasintha. Ngati muli ndi mapensulo amitundu, ndiye bwino kwambiri, waya aliyense mtundu wake. Chifukwa chake n'chakuti m'mafunso otere timatenga waya ngati wopanda chotchinga chilichonse, choncho malo onse a pa waya mmodzi ali ndi volteji yofanana, ndipo ndi malo amodzi basi ngakhale pa pepala atalikirane.

Pa seketi yathu, waya wochoka ku + ndi A. Kuseri kwa R1 kuli B, ndipo B ameneyu amakhudza zinthu zitatu: R1, R2 ndi R3. Pakati pa R3 ndi R4 pali C. Pamene R2 ndi R4 zikukumana ndi R5 pali D. Kuchoka pa R5 kupita ku mbali ya − ndi E. Tsopano lembani rezisita iliyonse ndi zilembo za miyendo yake iwiri:

```
R1 = 3 Ω   A-B
R2 = 6 Ω   B-D
R3 = 4 Ω   B-C
R4 = 8 Ω   C-D
R5 = 1 Ω   D-E
```

Mukafika apa chithunzi chija mutha kuchitseka, chifukwa zonse zofunika zili m'mizere isanuyi. Marezisita awiri ali mu siriizi ngati agawana chilembo chimodzi ndipo palibe chinthu chachitatu chogwira pa chilembocho. Yang'anani C: akupezeka pa R3 ndi R4 pokha, choncho karenti yotuluka mu R3 ilibe kwina kopita koma kulowa mu R4. Awa ali mu siriizi. Yang'anani B: akupezeka katatu. Pamenepa ndi pa mphambano, karenti yochoka mu R1 imagawikana, ina kutsikira mu R2, ina kupitirira mu R3. Ndiye R1 ndi R3 sizingaphatikizidwe, ngakhale zinajambulidwa moyandikana ngati ana amapasa.

Marezisita ali mu paralelo ngati zilembo zawo zonse ziwiri zikufanana. Ndimauza ana kuti aganize za minibasi zochoka ku Limbe kupita m'tauni: ina idzera msewu waukulu wa Chipembere, ina idzera ku Zingwangwa, koma ponyamukira ndi pamodzi, pofikira ndi pamodzi. Pa mndandanda wathu palibe marezisita awiri okhala ndi zilembo zofanana mbali zonse. R2 ndi R3 agawana B yekha, mwendo wina wa R2 uli pa D pamene wa R3 uli pa C. Ambiri amawaika mu paralelo awiriwa, ndipo n'kulakwa. Paralelo ibadwa pokhapokha titayamba taphatikiza R3 ndi R4.

Kadontho ka pamene mawaya adutsana

Panali chinthu china chomwe chinatichedwetsa theka la ola. Wojambulayo, posowa malo, anadutsitsa waya wochoka ku R2 kupita ku R5 pamwamba pa waya wa pakati pa R3 ndi R4, ndipo podutsanapo panali kanthu kakuda. Kodi kanali kadontho kosonyeza kuti mawayawo alumikizana, kapena inki yongodontha?

Mwambo wake ndi wakuti mawaya odutsana popanda kadontho sanalumikizane, ndipo kadontho kakakhalapo alumikizana. Mabuku ena amajambula kauta kakang'ono kuti waya wina walumpha mnzake. Pa buku losindikiza izi zimaoneka, koma pa bolodi kapena pa pepala lofotokopedwa kachisanu, kadontho ndi fumbi n'zosasiyanitsika.

Taonani kukula kwa nkhaniyi. Ngati mawayawo alumikizana, ndiye kuti C ndi D ndi waya mmodzi, ndipo pa mndandanda wathu R4 ikhala D-D. Rezisita yomwe miyendo yake yonse ili pa chilembo chimodzi yalambalalidwa, karenti ikudzera mu waya, ndipo muyenera kuichotsa m'masamu. Pamenepo R3 ikhala B-D, kulowa mu paralelo ndi R2 n'kupereka maomu 2.4, seketi yonse ikhala maomu 6.4, karenti n'kukhala maampeya 1.875. Ngati sanalumikizane, yankho ndi lina, monga tionere posachedwa. Kanthu kosakwana njere ya mapira kasintha nambala iliyonse ya pa pepala.

Mutha kuganiza kuti wolemba funso sangaike rezisita yoti isagwire ntchito, ndipo kawirikawiri mulondola, makamaka ngati funso likufunsa volteji ya pa R4. Koma alipo aphunzitsi amene amaika dala waya wolambalala kuti aone amene akuyang'anitsitsa. Ndinamuuza mtsikana uja kuti, "Iwe, tatenga bukulo upite nalo pa khonde, uyang'ane ndi maso ako." Anayankha kuti, "Aphunzitsi, ndi kachidutswa ka labala, ndakapukuta kachoka." Ngati pepala lenilenilo simungalipeze, lembani pamwamba pa yankho lanu kuti mwatenga mawayawo ngati osalumikizana, kuti woonayo adziwe pamene mwaima.

Zizindikiro za mamita zimasokonezanso mofananamo. Kabwalo kokhala ndi A mkati ndi mita yoyeza karenti, ndipo poika zilembo muitenge ngati waya wamba, chilembo chisasinthe. Kabwalo ka V ndi mita yoyeza volteji, ndipo muitenge ngati palibe, musaiwerengere ngati njira ya karenti. Swichi yotsegula imapha nthambi yonse imene ilipo: ikanakhala pakati pa R3 ndi R4, awiriwo akanachoka, seketi n'kutsala 3, 6 ndi 1 mu siriizi, maomu 10, maampeya 1.2.

Kupinda seketi mpaka itsale rezisita imodzi

Yambani kutali ndi batire, ndipo mukaphatikiza kamodzi jambulaninso seketi. Ana amadana nako kujambulanso chifukwa amaona ngati n'kutaya nthawi, koma zithunzi zimenezi ndi zomwe zidzakutsogolereni pobwerera.

```
R34  = 4 + 8 = 12 Ω               B-D
RBD  = (6 × 12) / (6 + 12) = 4 Ω  B-D
RT   = 3 + 4 + 1 = 8 Ω
I    = V / RT = 12 / 8 = 1.5 A
```

R3 ndi R4 zitaphatikizana, C wasowa, ndipo rezisita yatsopano ya maomu 12 ili pa B-D, zilembo zomwezo za R2. Paralelo ija yaonekera tsopano. Awiriwo apereka maomu 4, ndipo pa B patsala zinthu ziwiri zokha, pa D chimodzimodzi, choncho zonse zotsala zili mu siriizi. Karenti yochokera m'batire ndi maampeya 1.5.

Pa mzere wachiwiriwo ndi pamene kakyuleta imapusitsa anthu. Amene amagwiritsa ntchito njira ya 1/R = 1/6 + 1/12 amapeza 0.25, n'kuiwala kuti nambalayo ndi 1/R, osati R. Amaiphatikiza ndi 3 ndi 1, kupeza 4.25, ndipo karenti imatuluka pafupifupi maampeya 2.8. Pali njira yodzigwira nokha musanapitirire. Yankho la paralelo liyenera kukhala laling'ono kuposa nthambi yaing'ono kwambiri, chifukwa kuwonjezera njira kumapeputsa ulendo wa karenti. Komanso silingatsike kupitirira nthambi yaing'onoyo itagawidwa ndi chiwerengero cha nthambi. Pano nthambi yaing'ono ndi 6 ndipo nthambi ndi ziwiri, choncho yankho liyenera kugwera pakati pa 3 ndi 6. Nambala ya 4 ili m'katimo. Nambala ya 0.25 ili kunja, 18 ilinso kunja.

Njira yochulukitsa pamwamba ndi kuphatikiza pansi ndi yachangu ndipo ndimaikonda, koma imagwira pa nthambi ziwiri zokha. Mukaiyesa pa zitatu, monga 6, 12 ndi 4, ikupatsani 13 ndi kanthu, pamene yankho loona ndi 2. Zikakhala zitatu, phatikizani ziwiri kaye, kenako yankholo ndi yachitatu.

Kubwerera kukapeza volteji ya iliyonse

Apa ndi pamene ambiri amene anapeza 1.5 molondola amatayira mamalikisi. Lamulo la Ohm limafuna kuti V, I ndi R zonse zitatu zikhale za chinthu chimodzi. Mavolti 12 ndi a seketi yonse, ndiye amayenda ndi maomu 8 a seketi yonse, osati ndi rezisita ina iliyonse. Mnzake wa mtsikana uja analemba kuti karenti ya mu R2 ndi 12 kugawa ndi 6, maampeya 2. Nthambi imodzi singanyamule karenti yoposa yomwe batire latulutsa. Mukaona nthambi ikuposa karenti yonse, dziwani kuti mwabwereka volteji ya batire n'kuiika pamene siili.

Tengani chithunzi chanu chomaliza, cha marezisita atatu a mu siriizi. Mwa onsewo mukudutsa maampeya 1.5 athunthu.

```
V1  = 1.5 × 3 = 4.5 V
VBD = 1.5 × 4 = 6 V
V5  = 1.5 × 1 = 1.5 V
```

Tsopano tsegulani rezisita ya maomu 4 ija. Mkati mwake muli nthambi ziwiri, ndipo zonse zayambira pa B n'kuthera pa D, choncho iliyonse ili ndi mavolti 6 athunthu. Sizigawana atatuatatu. Mu paralelo chogawikana ndi karenti, volteji imakhala yomweyo. Mu siriizi zimatembenuka: karenti ndi yomweyo, volteji ndiyo imagawikana.

```
I2  = 6 / 6  = 1 A
I34 = 6 / 12 = 0.5 A
V3  = 0.5 × 4 = 2 V
V4  = 0.5 × 8 = 4 V
```

Onani kuti pa R3 ndi R4 tagwiritsa ntchito 0.5, karenti ya nthambi yawo. Wogwiritsa ntchito 1.5 apeza mavolti 6 ndi 12, pamodzi 18, mu seketi yomwe batire lake ndi la 12. Zimenezo n'zosatheka, ndipo nambalayo payokha ikuuzani kuti mubwerere.

Chinthu china chothandiza ndi kulemba volteji pa chilembo chilichonse, kuyambira pa E ngati 0. Mukakwera R5 mufika pa D, mavolti 1.5. Mukakwera R4 mufika pa C, 5.5. Mukakwera R3 mufika pa B, 7.5, ndipo mukakwera R1 mufika pa A, 12. Funso likadzakufunsani chimene mita ingaonetse itaikidwa pakati pa malo awiri alionse, mungochotsera. Pakati pa A ndi C, mwachitsanzo, ndi mavolti 6.5.

Kudzitsimikizira popanda buku la mayankho

Pali mayeso awiri otenga mphindi imodzi, ndipo onse ndi ochokera ku malamulo amene Gustav Kirchhoff analemba mu 1845. Oyamba ndi a pa mphambano: cholowa chifanane ndi chotuluka. Pa B palowa 1.5, patuluka 1 ndi 0.5. Achiwiri ndi oyenda kuchoka ku + mpaka ku − mukuphatikiza mavolti, ndipo njira iliyonse imene mungadzere iyenera kupereka 12. Kudzera mu R2 ndi 4.5, 6 ndi 1.5. Kudzera mu R3 ndi R4 ndi 4.5, 2, 4 ndi 1.5. Zonse zikwana 12. Chenjerani: mukaphatikiza mavolti a marezisita onse asanu mupeza 18, ndipo ana ena amachita mantha n'kufufuta ntchito yabwinobwino. Mwawerengera dera la pakati pa B ndi D kawiri. Tsatani njira imodzi pa ulendo umodzi.

Ngati zikusiyana pang'ono, monga 11.9 m'malo mwa 12, kawirikawiri mwadula manambala msanga. Sungani manambala atatu kapena anayi kuseri kwa kadontho mpaka kumapeto. Ngati zasiyana ndi volti yathunthu, ndiye pali cholakwika chenicheni.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti mayeso awiriwa ali ndi malire. Amagwira masamu olakwika, koma sagwira chithunzi chowerengedwa molakwika. Mukanatenga kachidutswa ka labala kaja ngati kadontho, maampeya 1.875 akanadutsa mayeso onsewa popanda vuto, chifukwa ndi yankho loona la seketi ina. Ndiye anthu awiri akasiyana mayankho ndipo aliyense masamu ake akutseka bwino, asakanganirane masamu. Ayerekeze mindandanda yawo ya zilembo ija. Pamene pasiyana chilembo, ndi pamenepo ayang'anenso chithunzi.

Nthawi zina mumalemba zilembo bwinobwino koma osapeza marezisita awiri alionse a mu siriizi kapena mu paralelo. Zimachitika pamene nthambi ziwiri, iliyonse ya marezisita awiri, zalumikizidwa pakatikati ndi rezisita yachisanu, ngati mlatho. Simunalakwe. Seketi yotere sipindika ndi njira yathuyi, imafuna malamulo a Kirchhoff ndi masamu a zosadziwika zingapo, pokhapokha ngati mbali ziwirizo zagawa volteji mofanana, pamene mu rezisita ya pakati simudutsa kanthu ndipo mutha kuichotsa. Funso la Fomu 4 likaoneka chonchi, yambani mwakayikira chithunzi, mwina pali kadontho komwe mwawonjezera.

Mukailumikiza pa benchi, manambala n'kusiyana

Anyamata a zamagetsi amakonda kutsimikiza ndi mita, ndipo ndimawalimbikitsa. Koma musaimange seketiyi ndi manambala omwewa pogwiritsa ntchito timarezisita ting'onoting'ono togula m'mashopu a zida za wailesi ku Limbe. Tambiri mwa ito timapirira kota ya wati imodzi. Pa seketi yathu R1 ikudya mavolti 4.5 kuchulukitsa ndi maampeya 1.5, mawati 6.75, ndipo ipsa n'kufuka utsi nthawi yomweyo. Chulukitsani rezisita iliyonse ndi 1,000. Mavolti a pa iliyonse akhala omwewo, koma karenti itsika kufika pa mamiliampeya 1.5, ndipo palibe chotentha. Manambala ena, monga 6k ndi 8k, simuwapeza enieniwo pa shopu, mupeza 5k6 kapena 6k8 ndi 8k2. Werengeraninso ndi amene mwagulawo musanayeze. Ntchitoyi ichitike ndi batire, osati ndi magetsi a pa soketi ya m'nyumba, omwe ndi mavolti 230 ndipo amapha.

Mita ikasiyana pang'ono ndi pepala, pali zifukwa ziwiri zodziwika. Rezisita yokhala ndi mkombero wagolide imaloledwa kusiyana ndi nambala yake ndi 5 pa 100 alionse, kukwera kapena kutsika. Ndipo batire la njinga yamoto lotchedwa la mavolti 12 likakhala lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6. Yezani batirelo seketi ili yolumikizidwa, ndipo nambala imeneyo ndiyo muike m'masamu. Ngati batire likutsika kwambiri mukangolumikiza, ndiye kuti lafooka kapena pali waya wolambalala penapake.

Poyeza volteji, mita imagwira miyendo iwiri ya rezisita seketi ili chiyakire. Poyeza karenti muyenera kudula njira n'kulowetsa mita pamenepo kuti karenti idutse mwa iyo, komanso kusamutsa waya wofiira kupita pa bowo lolembedwa mA. Mukatha, mubwezereni pa bowo la V nthawi yomweyo. Amene amaiwala n'kukagwira batire mita ikadali pa karenti amaotcha fyuzi ya mkati, ndipo kuyambira pamenepo mita imaonetsa 0 pa karenti iliyonse ngakhale seketi ili bwino.

Funso lomwe limabwera kawirikawiri kuchokera pa benchi ndi lakuti, "Aphunzitsi, R2 yawonongeka, ikuonetsa zochepa." Wachotsa batire, zomwe n'zoyenera poyeza maomu, waika mita pa miyendo ya R2, ndipo m'malo mwa 6 akuona 4. Rezisitayo ili bwino. Miyendo yake ili pa B ndi D, ndipo mita ikuyeza njira zonse za pakati pa B ndi D, kuphatikizapo ya mu R3 ndi R4. Yapeza 4 yemwe uja tinawerengera pa pepala. Kuti muone 6, zulani mwendo umodzi wa R2 pa seketi, ulendewere m'mwamba, ndipo muyezenso zala zanu zisakukhudza nsonga za mita.